Kontirakiti isanathe mukufuna kutuluka: chindapusa chake chichepa bwanji?

Ku Malawi ambiri tinazolowera kugula bandulo. Mwalipira, mwagwiritsa ntchito, yatha, ndipo ngati simukufunanso palibe amene angakutsateni. Amene anapita ku Joni kapena ku Mangalande amapeza malonda a mtundu wina. Intaneti ya m'nyumba, foni yamakono, ngakhale umembala wa ku jimu, zambiri zimabwera ndi kontirakiti ya miyezi 12 kapena 24. Tsiku losaina zonse zimakoma: kulumikiza waya n'kwaulere, rauta ndi yaulere, mtengo wa pamwezi autsitsa. Mavuto amayamba ntchito ikatha, lendi ikakwera n'kufunika kusamuka, kapena uthenga ukabwera woti kumudzi kwagwa zovuta ndipo muyenera kubwerera osadziwa kuti mudzabweranso liti. Mukaimba foni kuti mukusiya, wa kukampani amakuuzani mwaulemu kuti palibe vuto, kungoti mulipire ndalama yakuti. Ndalamayo nthawi zina imafanana ndi ya miyezi yonse yotsala.

Anthu ambiri amachita chimodzi mwa ziwiri. Ena amalipira modandaula poganiza kuti zimene unasaina sizibwezeka. Ena amangothawa, n'kutseka akaunti ya kubanki. Njira zonse ziwirizi n'zodula. Chiwerengero chimene mwauzidwa pafoni chija si lamulo. Ndi samu imene wina wawerengera, ndipo samu imaphwanyika m'zigawo zake n'kuona chigawo chimene chili ndi maziko ndi chimene chilibe.

Tiyambe ndi dziko la South Africa, kumene kuli abale athu ochuluka komanso kumene lamulo linalemba nkhaniyi momveka. Lamulo loteteza ogula la dzikolo, la nambala 68 la chaka cha 2008, linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2011, ndipo gawo 14 ndi limene limakamba za makontirakiti a nthawi yoikika. Gawoli limati wogula angathe kuthetsa mgwirizano wotere nthawi ina iliyonse, bola apereke chidziwitso cha masiku 20 a ntchito, cholembedwa kapena chosungika mwa njira ina. Sakakamizidwa kupereka chifukwa. Ngakhale pepala limene munasaina litanena kuti simungatuluke miyezi 24 isanakwane, mawu amenewo sangapose lamulo. Dziwani chabe kuti gawoli siligwira ntchito pa mgwirizano wa pakati pa makampani okhaokha. Ngati munalembetsa intaneti m'dzina la kampani yanu ya zomangamanga kapena ya zosokasoka, khomo ili latsekeka, ndipo mutsala ndi zimene zili m'kontirakitimo.

Koma ufulu wotuluka suthetsa ngongole. Lamulo lomwelo limati mulipirebe zonse zimene munagwiritsa ntchito kufika tsiku lothetsa, ndipo limalola kampani kuika chindapusa choyenera. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa lamulolo limatchulanso chimene chindapusacho chiyenera kukhudza: katundu amene munapatsidwa, ntchito zimene munachitiridwa, ndi ndalama zimene anakuchotserani pamtengo poyembekezera kuti mukhala mpaka kumapeto. Onani kumene mawuwa akuloza. Akuloza m'mbuyo, ku zimene kampani inatulutsa kale chifukwa cha lonjezo lanu. Sakunena kuti kampani itolere ndalama zonse zimene ikanalandira mukanakhala. Malamulo aang'ono otsagana ndi gawoli amawonjezera kuti chindapusa chisakule mpaka kupha ufulu wotulukawo. Ngati kutuluka kukudula chimodzimodzi ndi kukhala, ndiye kuti ufuluwo ndi wa papepala chabe.

M'magulu a pafoni mumamveka mawu oti kampani singadule kupitirira 10 peresenti ya ndalama zotsala. Malire amenewo analipodi m'malamulo ongoyerekeza amene anatulutsidwa kuti anthu aperekepo maganizo, koma sanalowe m'malamulo omaliza. M'malo mwake munaikidwa mndandanda wa zinthu khumi zoyenera kuziganizira, monga mtengo wa katundu amene atsale m'manja mwanu, mtengo wa katundu amene mwabweza, kutalika kwa mgwirizano, kutalika kwa chidziwitso chimene mwapereka, mwayi woti kampani ipeze kasitomala wina m'malo mwanu, ndi zimene makampani a ntchito imeneyo amachita kawirikawiri. Choncho mukapita kukakangana mutanyamula 10 peresenti, wa kukampani adzakugonjetsani msanga, ndipo adzakhala akunena zoona. Pitani ndi mndandandawo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Ndalama izi n'zongoyerekeza, koma kapangidwe kake ndi kamene mungakapeze m'makontirakiti ambiri a intaneti ya waya wa faiba. Mayi wina wa ku Nkhata Bay amene amagwira ntchito ku Johannesburg anasaina kontirakiti ya miyezi 24 kuyambira pa 1 Januwale 2024. Amalipira R700 pamwezi. Akanasankha kulipira mwezi ndi mwezi popanda kudzimanga, mtengo ukanakhala R800. Kulumikiza waya, kumene kampani inalemba kuti ndi R1,800, sanalipire. Rauta ya R1,200 anaipatsidwanso osalipira. Kumapeto kwa Malichi 2025 akhala atatha miyezi 15, ndipo akufuna kubwerera kumudzi. Yatsala miyezi 9. Pafoni amuuza kuti alipire R6,300.

Chiwerengerochi sichovuta kuchizindikira: ndi R700 kuchulukitsa ka 9. Kampani ikufuna ndalama ya miyezi yonse yotsala ngati kuti mayiyu akadali pa intaneti, chonsecho waya adzaudula. Choyamba chimene ayenera kuchita si kukana kapena kupempha chifundo. Alembe imelo yopempha kuti amulembere mmene afikira pa R6,300, chigawo ndi chigawo, ndi kumuonetsa ndime ya m'kontirakiti imene aitsatira. Pempho limeneli lokha limasintha kayendedwe ka nkhani, chifukwa limaichotsa m'manja mwa woyankha foni, amene amangowerenga zimene kompyuta yamuonetsa, n'kuipititsa kwa munthu amene ayenera kulemba yankho lomwe mawa lingawerengedwe ndi mkhalapakati.

Kenako awerengere yekha zimene anapatsidwa chifukwa cha lonjezo la miyezi 24. Kulumikiza waya kunali R1,800. Kampani inkayembekezera kubweza ndalamayi pang'onopang'ono m'miyezi 24, kutanthauza R75 pamwezi. Miyezi 15 yadutsa kale, ndiye yotsala ndi R75 kuchulukitsa ka 9, imene ndi R675. Rauta ya R1,200 ikawerengedwa chimodzimodzi ndi R50 pamwezi, ndipo pa miyezi 9 yotsala ndi R450. Ndiye pali kuchotsera kwa R100 pamwezi kumene wakhala akudyerera kwa miyezi 15, komwe kukukwana R1,500. Zonse pamodzi ndi R2,625. Akabweza rauta ili bwinobwino, ndi chaja chake ndi mawaya ake, n'kulandira risiti, ali ndi chifukwa chomveka chochotsera R450 ija, n'kutsala R2,175. Kusiyana kwake ndi R6,300 n'koposa R4,000, ndalama yokwanira kuthandiza kwambiri pa ulendo wobwerera kwawo.

Ndisakunamizeni: lamulo silinalembe kuti samuyi iziwerengedwa motere. Kugawa mtengo wa waya ndi rauta m'miyezi ndi mfundo imene inu mukuibweretsa, ndipo makampani ena amalemba m'kontirakiti kuti mukatuluka msanga mubweze ndalama yonse yolumikizira, ngakhale mutatsala ndi mwezi umodzi. Pamenepo mayiyu angauzidwe R1,800 yonse m'malo mwa R675. Komabe mfundo yake ndi yolimba, chifukwa ikugwirizana ndi zimene lamulo likuti ziganiziridwe: wakhala nthawi yaitali bwanji, walipira kale zingati, ndipo ndi katundu uti amene watsala naye. Munthu amene watha miyezi 15 mwa 24 sangafanane ndi amene wathawa mwezi wachiwiri. Ndipo ngakhale atagonja pa waya n'kulipira R1,800 yonse pamodzi ndi R1,500 ya kuchotsera, afika pa R3,300, pafupifupi theka la zimene anauzidwa poyamba.

Pa chigawo cha kuchotsera mtengo ndi pofunika maso kwambiri. Funsani ngati mtengo wa R800 unalipodi tsiku limene munasaina. Ngati kampani inalibe n'komwe dongosolo la mwezi ndi mwezi, kapena ngati aliyense ankalipira R700, ndiye kuti sanakuchotsereni kanthu, ndipo sangakuuzeni kuti mubweze mphatso imene simunalandire. N'chifukwa chake ndi bwino kusunga chithunzi cha mitengo ya tsiku losaina. Ambiri timasunga chithunzi cha chakudya cha tsiku limenelo, koma cha mitengo ayi.

Samu ikhoza kukuuzaninso kuti musatuluke. Mayi yemweyu akanakhala kuti watha miyezi 22, yotsala ikanakhala R1,400 yokha, pamene kuchotsera kumene wadyerera kukanafika R2,200. Pamenepo kumaliza kontirakiti n'kotsika mtengo kuposa kubweza kuchotserako, ndipo chindapusa choposa R1,400 sichingakhale choyenera ngakhale pang'ono, popeza kampani ikanapindula kwambiri ndi kuchoka kwake kuposa kukhala kwake. Nthawi zonse ikani ziwerengero ziwirizi pambali ndi pambali: ndalama ya miyezi yotsala, ndi ndalama ya zimene munapatsidwa. Yocheperapo ndiyo poyambira kukambirana.

Tsopano za masiku 20 aja, chifukwa apa anthu amataya ndalama ya mwezi wathunthu mosadziwa. Masiku a ntchito sawerengera Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi cha boma, ndipo tsiku limene mwapereka chidziwitso nalonso siliwerengedwa. Mayi uja akufuna kuti zonse zithe pa 31 Malichi 2025. Akatumiza kalata Lachisanu pa 28 Febuluwale, kuwerenga kuyamba Lolemba pa 3 Malichi. Pa 21 Malichi ndi tchuthi ku South Africa, tsiku lokumbukira ufulu wachibadwidwe, ndiye silowerengedwa. Tsiku la 20 likugwera ndendende pa 31 Malichi. Koma akati ndipume kaye kumapeto kwa sabata, ndilemba Lolemba, n'kutumiza pa 3 Malichi, tsiku la 20 likugwera pa 1 Epulo. Walowa mwezi wina ndi tsiku limodzi, ndipo ngati debiti oda yake imadula pa 1, R700 ina yapita. Angathe kuilondola, popeza lamulo limati ndalama imene idakali yake pa tsiku lothetsa ibwezedwe, koma kulondola ndalama muli pa basi ya ku Mzuzu si ntchito yophweka. Mwezi wa Epulo ndi wa Disembala, imene ili ndi matchuthi angapo, ndi yofunika kuiwerenga ndi kalendala m'manja.

Kalatayo isakhale yaitali. Ikhale ndi dzina lanu, nambala ya akaunti, mawu oti mukuthetsa mgwirizano motsatira gawo 14 la lamulo loteteza ogula, tsiku limene mukutumiza, tsiku limene masiku 20 akutha, pempho la samu ya chindapusa, ndi funso la kumene mungabweze katundu. Pemphani nambala ya dandaulo kapena yankho lotsimikiza kuti alandira. Kuuza mnyamata wa pa kauntala ya jimu kuti simubweranso si chidziwitso. Iye adzakugwedezerani mutu, mwezi wamawa adzakhala atasiya ntchito, ndipo kompyuta idzapitiriza kukudulani.

Nkhani ya jimu ili ndi kusiyana kumodzi kwakukulu. Kampani ya intaneti inakumba, inakoka waya, inakupatsani rauta. Jimu nthawi zambiri sinakupatseni katundu wodula. Mwina chikwama, botolo la madzi, kapena anakukhululukirani ndalama yolowera. Makina othamangirapo ali pomwepo kaya mwabwera kaya simunabwere, ndipo malo anu angatengedwe ndi munthu wina mawa lomwe. Zili ngati mwininyumba amene wapeza kale wina wolowa m'chipinda chimene mwatulukamo, koma akufunabe kuti inunso mulipire lendi ya chipinda chomwecho. Choncho pa jimu chigawo chimene chili ndi maziko kwenikweni ndi kusiyana kwa mitengo. Ngati kontirakiti ya miyezi 24 inali R450 pamwezi pamene ya miyezi 12 inali R520, ndipo mwatuluka mutatha miyezi 12, mwadyerera R70 pamwezi, yomwe ndi R840. Onjezerani ndalama yolowera ngati anakukhululukirani. Yerekezani zimenezo ndi R5,400 ya miyezi 12 yotsala. Majimu ambiri amalemba chindapusa ngati peresenti ya ndalama zotsala, ndipo kulembedwa kwake m'kontirakiti sikutanthauza kuti n'koyenera. Afunseni kuti peresentiyo ikuimira chiyani chimene anataya.

Foni ya kontirakiti ndiye ina. Apa ndalama yaikulu si chindapusa kwenikweni koma mtengo wa foniyo, imene mwakhala mukuigula pang'onopang'ono mkati mwa bilu ya pamwezi. Foni mutsala nayo, ndiye mtengo wake wotsala mulipira ndithu, ndipo palibe mkhalapakati amene angakuchotsereni. Chimene mungakanganire ndi chigawo cha mphindi zoimbira ndi data za miyezi imene simudzagwiritsa ntchito. Pemphani kuti azilekanitse ziwirizi papepala. Muonenso kutalika kwa mgwirizano: malire a lamulo ndi miyezi 24, ndipo kupitirira apo n'kololedwa pokhapokha inu mutavomera momveka komanso kampani itasonyeza kuti pali phindu la ndalama kwa inu. Makontirakiti a miyezi 36 amaoneka otsika mtengo pamwezi, koma amakumangani chaka china chathunthu.

Pali nthawi zina zimene simuyenera kulipira chindapusa n'komwe, ndipo ndi bwino kuziona musanayambe kuwerengera samu. Ngati kontirakitiyo inabwera chifukwa wotsatsa malonda ndi amene anakupezani, mwachitsanzo anakuimbirani foni kapena anagogoda pakhomo, gawo 16 la lamulo lomwe lija limakupatsani masiku asanu a ntchito oti musinthe maganizo popanda chifukwa komanso popanda chindapusa. Ngati nthawi ya kontirakiti inatha kale, mgwirizano umangopitirira mwezi ndi mwezi, pokhapokha mutavomera momveka kuyamba nthawi ina yoikika. Kampani iyenera kukulemberani pakati pa masiku 80 ndi 40 a ntchito kontirakiti isanathe, kukudziwitsani za tsiku lothera ndi zosintha zilizonse. Chenjerani ndi foni yokoma imene imabwera chakumapeto, yoti akukwezerani liwiro la intaneti kapena akupatsani foni yatsopano. Kuvomera kwanu pafonipo kungayambitse miyezi 24 ina, ndipo mawu anu amakhala atajambulidwa.

Palinso pamene kampaniyo ndi imene yalephera. Intaneti yakhala ikuduka masabata, kapena jimu yatseka nthambi ya pafupi nanu n'kukuuzani kuti muzipita ina ya kutali. Gawo 54 limati wogula ali ndi ufulu wolandira ntchito ya mlingo umene anthu angayembekezere, ndipo ikalephereka angafune kuti ikonzedwe kapena abwezeredwe gawo la ndalama. Umboni wake ndi manambala a madandaulo amene munapereka ndi masiku ake. Amene anangopirira osadandaula, n'kudzatchula vutolo tsiku lotuluka, mawu ake amapepuka.

Ngati palibe khomo laulere, pali njira zochepetsera zimene sizidalira lamulo koma kukambirana. Funsani ngati kontirakiti ingasamutsidwe kupita kwa munthu wina, monga amene akulowa m'nyumba imene mukutulukamo. Waya uli kale m'khoma, ndipo kampani imakonda kasitomala wopitiriza kuposa chindapusa. Koma kusamutsako kuchitike m'mabuku a kampani. Kungosiyira mnzanu kuti azikutumizirani ndalama, dzina likadali lanu, ndiye kuti tsiku limene adzasiye kulipira ngongole idzakhala yanu. Funsani ngati mungatsikire ku dongosolo lotsika mtengo pa miyezi yotsala. Ku jimu funsani za kuimitsa umembala kwa miyezi ingapo ngati mwavulala kapena mukupita kumudzi kwa kanthawi, podziwa kuti nthawi zambiri miyezi yoimitsayo imawonjezedwa kumapeto. Ndipo ngati chifukwa chanu ndi kutha kwa ntchito, matenda kapena kutha kwa chilolezo chokhalira m'dzikomo, tumizani pepala lake: kalata ya abwana, ya dokotala, tikiti ya ulendo. Makontirakiti ambiri ali ndi ndime ya zoterezi imene woyankha foni sangakuuzeni ngati simunafunse.

Chimene ndingakuletseni ndi kupita kubanki kukaimitsa debiti oda musanathetse mgwirizano. Zimaoneka ngati mwapambana, poti ndalama yasiya kuchoka. Koma kontirakiti ikadali yamoyo, mwezi uliwonse ukuwonjezera ngongole, pamwamba pake pakubwera ndalama za kulephera kulipira, ndipo pamapeto nkhani imaperekedwa kwa otolera ngongole ndi kumabungwe osunga mbiri ya ngongole. Ambiri amati ndikupita kwathu, adzandipeza kuti. Koma a ku Joni ambiri amabwererako, ndipo tsiku lofuna nyumba ya lendi kudzera kwa ejenti kapena foni ina ya kontirakiti, dzina limatulukira pa kompyuta. Njira yabwino ndi kulipira gawo limene simukulitsutsa, n'kulemba kuti lotsalalo mukulitsutsa ndipo mwapita nalo kwa mkhalapakati.

Mkhalapakatiyo alipo ndipo salipiritsa wogula. Pa nkhani za jimu ndi malonda ambiri pali ofesi ya Consumer Goods and Services Ombud. Pa nkhani za mafoni ndi intaneti palinso bungwe la ICASA, loyang'anira za mauthenga. Pamwamba pali National Consumer Commission. Onsewa amafuna kuona kuti munayamba mwadandaula kukampaniko, n'chifukwa chake maimelo aja ndi nambala ya dandaulo zili zofunika. Tumizani kontirakiti, kalata yanu yothetsa, yankho la kampani ndi samu yanu.

Kwa amene ali ku Britain, maziko ake ndi ofanana ngakhale malamulo ndi ena. Kumeneko kulibe lamulo la masiku 20 lotulukira nthawi iliyonse, koma ndime ya kontirakiti yopondereza wogula siigwira ntchito, malinga ndi lamulo la ufulu wa ogula la 2015. Bungwe la Ofcom limati makontirakiti a foni ndi intaneti asapitirire miyezi 24, ndipo chindapusa chisapose ndalama za miyezi yotsala, zitachotsedwa ndalama zimene kampani ipulumutse poleka kukutumikirani. Zoti makampani aakulu amalakwitsa samuyi si mphekesera. Mu Novembala 2018 Ofcom inalipiritsa kampani ya Virgin Media mapaundi 7 miliyoni ndi ya EE mapaundi 6.3 miliyoni chifukwa chodula mopitirira anthu otuluka msanga. Ku Virgin Media makasitomala pafupifupi 82,000 anadulidwa ndalama zoposa zimene anagwirizana. Ku EE vuto linali la kuchotsera mtengo: anthu amene ankalipira mtengo wotsitsidwa ankawerengeredwa chindapusa pa mtengo wosatsitsa. Choncho mukalandira samu yanu, onani mtengo wa pamwezi umene aika ngati ndi umene mumalipiradi.

Za jimu, khoti lalikulu la ku England linagamula mu 2011, pa mlandu wa kampani ya Ashbourne Management Services imene inkayendetsa makontirakiti a majimu mazanamazana, kuti kumanga anthu nthawi yaitali monga miyezi 24 kapena 36 kunali kupondereza. Khotilo linazindikira chimene aliyense amene analowapo jimu mu Januwale amachidziwa, kuti anthu polembetsa amadziyerekeza kuti azipita kawirikawiri kuposa mmene adzapitire, ndipo makontirakitiwo ankadyera pa chiyembekezo chimenecho. Pambuyo pake majimu angapo aakulu anavomera kumasula mamembala amene ntchito yawathera kapena avulala. Kumbukiraninso masiku 14 osinthira maganizo pa kontirakiti imene mwapanga pa intaneti kapena pafoni, ndiponso kuti kampani ya foni kapena intaneti ikasintha mgwirizano mokupwetekani, mwa njira imene simunagwirizane posaina, iyenera kukudziwitsani ndi kukulolani kutuluka osalipira chindapusa. Kalata yotereyi musaitaye ngati ya otsatsa malonda, chifukwa nthawi yotulukira imene imapereka ndi yaifupi, kawirikawiri mwezi umodzi.

Kuno kumudzi makontirakiti otere amapezeka makamaka pa intaneti ya m'maofesi ndi m'nyumba za m'tauni, ndiponso m'majimu ena a ku Lilongwe ndi Blantyre kumene anthu amalipiriratu miyezi ingapo. Gawo 14 la ku South Africa silingakuthandizeni pa kontirakiti ya ku Malawi, ndipo musalitchule m'kalata yanu. Poyambira ndi ndime ya kuthetsa mgwirizano ya m'pepala lanulo, ndipo mafunso ndi omwe aja: munandipatsa chiyani poyembekezera kuti ndikhala, ndabweza kale zingati, ndipo mukupulumutsa zingati poleka kunditumikira. Mukalephera kumvana, madandaulo a ogula amapita ku Competition and Fair Trading Commission, ndipo okhudza mafoni ndi intaneti amapitanso ku MACRA. Pa jimu yolipiriratu funso limatembenuka, chifukwa ndalama ili kale m'manja mwawo: musanapereke ya miyezi isanu ndi umodzi, afunseni kuti mukasiya pa mwezi wachiwiri adzakubwezerani zingati, ndipo yankholo alilembe pa risiti.